Kumanga vaisi pabenchi kuti isagwedere

Vaisi ikayamba kugwedera, amisiri ambiri amathamangira kuwonjezera masikuluwu. Koma sikuluwu imangogwira m'nyama ya thabwa. Hamala ikamenya, mazinga ake amadya thabwalo pang'onopang'ono, bowo limakula, ndipo palibenso choti igwire. Vaisi yomenyerapo zitsulo imafuna mabawuti oboola benchi mpaka kutulukira kunsi.

Yambani ndi malo. Vaisi ikhale pamwamba pa mwendo wa benchi kapena pafupi nawo, kuti mphamvu ya hamala izitsikira pansi. Pakati pa benchi thabwa limanjanja, ndipo kunjanjako ndiko kumamasula manati. Nsagwada yosasunthayo itulukireko pang'ono m'mphepete, kuti chitsulo chachitali chizitha kulendewera osagunda benchi.

Tiyerekeze vaisi ya mabowo olowa bawuti ya M12, pa thabwa la paini lochindikala mamilimita 40. Ikani vaisiyo pamalo pake, lembani pomwe pali mabowo, ndipo boolani mowongoka ndi choboolera cha mamilimita 13. Kunsi musangoika washa wamng'ono. Paini ndi wofewa, washayo amalowa m'thabwa, ndipo vaisi imamasuka nati isanatembenuke n'komwe. Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimawonongekera. Ikani chitsulo chafulati chochindikala mamilimita 6, chachikulu mofika pa mabowo onse, kuti kukoka kwa mabawuti kugawanike pamalo aakulu.

Kutalika kwa bawuti kumafuna kuwerengera. Tsinde la vaisi likhale mamilimita 15, thabwa 40, chitsulo 6, mawasha awiri 5. Zonse pamodzi ndi 66. Mabawuti ambiri a M12 ali ndi mazinga a mamilimita 30 okha kumapeto. Mukagula ya mamilimita 100, mbali yosalala ndi 70, ndiye nati ithera mazinga isanapane kanthu. Sipanala ilimba m'manja, inu n'kumati mwamanga, pomwe vaisi ikusewera. Ya mamilimita 90 ndiyo ikwana bwino, ndipo imasiya malo a manati awiri.

Mangani ndi sipanala ya 19, mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko. Tsinde la vaisi zambiri ndi chitsulo chochita kuumba, chomwe sichipindika koma kusweka, choncho pansi pake pakhale posalala musanamange mwamphamvu. Nati yoyamba ikalimba, igwireni ndi sipanala ina n'kumangirapo yachiwiri.

Thabwa limafota likamauma, makamaka ngati linagulidwa laliwisi. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mangitsaninso, ndipo muteronso nyengo yotentha ikafika. Jambulani mzere wa penti wodutsa pa nati ndi pa chitsulo chija. Mzere ukasemphana, nati yatembenuka. Ukakhala momwemo koma vaisi ikugwedera, ndiye kuti thabwa lafota kapena laphwanyika, ndipo likang'ambika pozungulira mabowo m'pofunika kulisintha.