Kanema wa fizikisi watha, nanga m'mutu mwatsala chiyani?

Derek Muller, yemwe ambiri amamudziwa chifukwa cha makanema ake a sayansi otchedwa Veritasium, asanatchuke anachita kafukufuku pa yunivesite ya Sydney ku Australia ndipo anamumaliza mu 2008. Ankaonetsa ophunzira a chaka choyamba makanema ofotokoza malamulo a Newton a kayendedwe ka zinthu, n'kuwapatsa mayeso asanaonere komanso ataonera. Amene anaonera kanema wofotokoza mwachindunji, wopanda zokhotakhota, anamuyamikira kuti ndi womveka bwino, ndipo anayankha mafunso modzidalira kuposa poyamba. Koma mamakisi awo sanasunthe kwenikweni. Amene anaonera kanema wina, momwe munthu ankayamba wanena maganizo olakwika omwe ambiri amakhala nawo kenako n'kukonzedwa, anadandaula kuti anawasokoneza mutu, komabe ndi iwo amene anakhoza bwino.

Nkhaniyi ikumukhudza mwachindunji wophunzira wa ku sekondale amene wagula bandulo ya usiku kuti atsitse phunziro la fizikisi pa foni pokonzekera mayeso a MSCE. Mphunzitsi wa mukanema amalankhula mosadodoma, masamu ake amatuluka bwinobwino, ndipo woonera amangogwedeza mutu. Kugwedeza mutuko n'kumene kumanamiza. Ntchito yosandutsa kanema kukhala manotsi owerenga ndi mafunso odziyesera cholinga chake n'chakuti munthu adziwe msanga zimene akungoganiza kuti wazimva, tsiku la mayeso lisanamuululire.

Chitsanzo chabwino ndi phunziro la pendulamu, lomwe pafupifupi aliyense wophunzitsa fizikisi pa YouTube ali nalo. Pendulamu ndi kachitsulo kapena kamwala komangidwa kuchingwe, komwe kamapita uku ndi uku ngati mwana ali pa katungwe. Kanema wa phunziroli nthawi zambiri amafotokoza kuti nthawi ya ulendo umodzi wathunthu, kupita ndi kubwerera pomwe kanayambira, imadalira kutalika kwa chingwe ndi mphamvu yokoka ya dziko, ndipo amathera pa fomula iyi:

T = 2π√(L/g)

Apa T ndi nthawi ya ulendowo m'masekondi, L ndi kutalika kwa chingwe m'mamita, ndipo g ndi chiwerengero cha mphamvu yokoka ya dziko, pafupifupi 9.8.

Ulendo woyamba kanemayo amaoneredwa yense osaimitsa, cholembera chili m'manja koma chikugwira ntchito imodzi yokha: kulemba mphindi imene mphunzitsi wasintha nkhani. Pamapeto papepala pamakhala mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, monga "2:10 tanthauzo la T", "5:40 ayesa zitsulo zolemera mosiyana", "9:15 fomula". Amenewa ndiwo mafupa a manotsi. Pa YouTube, batani la Show transcript limatulutsa mawu onse a mukanema pamodzi ndi mphindi zake, ndipo limathandiza kupeza malo mwachangu. Koma si loti munthu akoperemo manotsi. Mawu ambiri a mmenemo amalembedwa ndi makina omvera mawu, omwe amaphonya mayina a sayansi ndipo sawona chilichonse cholembedwa pabolodi. Mphunzitsi akaloza chithunzi n'kunena kuti "mbali iyi ikufanana ndi iyi", mawu olembedwawo sanena kuti ndi mbali iti. Pa phunziro la fizikisi, theka la nkhani limakhala pabolodipo.

Ulendo wachiwiri ndi wa chigawo ndi chigawo. Wophunzira amaonera mphindi zitatu kapena zinayi, n'kuimitsa kanema, kutembenuza foni chafufumimba, n'kulemba zimene wamva m'mawu akeake. Akakanika kulemba chiganizo ngakhale chimodzi osasuzumira pa foni, ndiye kuti chigawocho sanachimve, ndipo amachibwereza, mwina atachepetsa liwiro la kanema kufika pa 0.75x. Chithunzi cha pendulamu amachijambula yekha, n'kuonetsa kuti L imayezedwa kuchokera pomwe chingwe chamangidwa mpaka pakati penipeni pa kachitsulo, osati pomwe chingwe chathera. Kanthu kameneka aphunzitsi ambiri amakanena m'kamphindi n'kupitirira, pamene pa mayeso a mulabu ndi komwe kamadya mamakisi.

Tsamba lingagawidwe motsatira njira imene Walter Pauk anayambitsa pa yunivesite ya Cornell ku America m'zaka za m'ma 1950: mzere wotsika kumanzere kwa tsamba, manotsi kumanja, ndipo kumanzere kopapatizako kukhale kwa mafunso. Ubwino wake ndi wakuti dzanja likaphimba mbali ya kumanja, tsamba lomwelo lasanduka pepala la mayeso.

Manotsi abwino a phunziro lonseli sayenera kupitirira tsamba limodzi. Akafika masamba anayi ndiye kuti munthu wakopera zolankhula za mphunzitsi m'malo mosankha. Chofunika n'chakuti mukhale tanthauzo la T, chithunzi, fomula ndi mayunitsi ake, chitsanzo chimodzi chowerengetsera, ndi malire a fomulayo. Malirewo ambiri amawasiya. Fomula ya pendulamu imagwira bwino pokhapokha kachitsulo kakakokedwa pang'ono, osapitirira madigiri 10 kapena 15. Kakakokedwa kutali kwambiri, ulendo umatenga nthawi yotalikirapo kuposa imene fomula ikunena.

Tsopano mafunso, omwe ndiwo mtima wa ntchito yonseyi, ndipo apa m'pamene ambiri amadzinamiza kachiwiri. Funso losavuta kulemba ndi lakuti, "Lembani fomula ya T." Limayankhika, limasangalatsa, koma limangoyesa ngati munthu waloweza zilembo. Limodzi lotere n'lokwanira. Mafunso aphindu amatuluka pamene wolemba adzifunsa kuti munthu amene sanamvetse bwino angalakwitse pati.

Pa pendulamu, malo oyamba olakwitsa ndi kulemera. Nzeru za tsiku ndi tsiku zimati chinthu cholemera chiyenera kuthamanga kwambiri. Choncho funso likhale lotere: pendulamu ya chingwe cha mita imodzi ili ndi kachitsulo ka magalamu 50, ndipo ulendo wake ukutenga masekondi 2. Kachitsuloko kakasinthidwa ndi ka magalamu 200, ulendo utenga nthawi yanji? Mayankho osankhapo akhale masekondi 0.5, sekondi 1, masekondi 2 ndi masekondi 8. Yankho lolondola ndi masekondi 2, chifukwa kulemera mulibe m'fomula. Koma mayankho olakwikawo sanangotoledwa mwachisawawa. Wosankha 0.5 waganiza kuti kulemera kanayi ndi kuthamanga kanayi. Wosankha 1 wakumbukira kuti pali sikweya ruti penapake koma waiika pa kulemera. Wosankha 8 waganiza kuti cholemera chimachedwa. Yankho lililonse lolakwika likuulula vuto lakelake, ndipo kuseri kwa pepala kulembedwe chifukwa chake ndi mphindi ya mukanema yomwe munthu angabwerere kukaona, monga 5:40.

Malo achiwiri ndi sikweya ruti yeniyeniyo. Funso likhale lakuti chingwe chikatalikitsidwa kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita 4, T ikhala bwanji. Ambiri amathamangira masekondi 8, poganiza kuti kutalika kanayi ndi nthawi kanayi. Yankho ndi masekondi 4, pakuti sikweya ruti ya 4 ndi 2, ndiye nthawi imangowirikiza kawiri. Funso lomwelo likhoza kutembenuzidwa: kodi chingwe chikhale chotalika bwanji kuti ulendo utenge sekondi imodzi? Yankho ndi masentimita pafupifupi 25. Apa pali msampha wina. Amene waiwala kusintha masentimita kukhala mamita, n'kuika 25 m'malo mwa 0.25, amapeza masekondi 10. Kachingwe kosakwana rula ya m'kalasi sikangatenge masekondi 10 pa ulendo umodzi, ndipo manotsi abwino amaphunzitsa diso kukayikira yankho lotere lisanalembedwe.

Pamafunika funso limodzi kapena awiri pa zimene kanemayo sananene n'komwe. Mwachitsanzo, pendulamu ya mita imodzi itapita ku mwezi, komwe g ndi pafupifupi 1.6, ingafulumire kapena ingachedwe? Imachedwa, ulendo umatenga masekondi pafupifupi 5. Woloweza amaima pamenepa, pamene womvetsa amaona kuti g ili pansi m'fomula, choncho ikachepa T imakula. Lina lingakhale lofuna kufotokoza: n'chifukwa chiyani poyesa timawerenga maulendo 20 n'kugawa nthawi yake ndi 20, m'malo moyeza umodzi? Chifukwa chala chimachedwa kudina wotchi ndi kagawo ka sekondi, pafupifupi 0.2, ndipo kuchedwako kukagawidwa pa maulendo 20 kumakhala kochepa kwambiri.

Mafunso asanu ndi atatu kapena khumi amakwanira kanema wa mphindi khumi ndi zisanu. Yankho lililonse liyenera kutsimikizidwa ndi buku la m'kalasi, chifukwa nawonso aphunzitsi a mukanema amalakwitsa pabolodi, ndipo ena amagwiritsa ntchito 10 m'malo mwa 9.8. Ndi bwinonso kuyerekeza ndi mapepala akale a MANEB, popeza kanema wopangidwira ophunzira a ku yunivesite akhoza kulowa m'masamu omwe silabasi ya kuno sifuna, n'kudumpha zimene imafuna.

Chomaliza ndi nthawi yoyankhira. Kuyankha mafunso usiku womwewo omwe alembedwa sikuonetsa zambiri, mayankho amakhala adakali m'maso. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zazifupi za sayansi. Gulu lina linaziwerenga kanayi, lina linawerenga kamodzi n'kuyesedwa katatu kulemba zimene likukumbukira. Patapita mphindi zisanu, owerenga kanayi anali patsogolo, 83 pa 100 poyerekeza ndi 71. Patatha sabata zinthu zinatembenuka: owerenga kanayi anakumbukira 40 pa 100, oyesedwa aja 61. N'chifukwa chake mafunso a pendulamu amayankhidwa mawa lake kope litatsekedwa, kenako patatha masiku atatu, kenakonso patatha sabata, ndipo amene alephereka amaikidwa chizindikiro kuti adzayambe ndiwo.

Kumene foni ili imodzi pa gulu la anthu anayi kapena asanu, ntchitoyi imagawika bwino. Aliyense amatenga chigawo chake cha kanema, amalemba mafunso atatu ndi mayankho ake olakwika, kenako amasinthana mapepala. Mkangano ukabuka pa funso la kulemera, monga umachitira kawirikawiri, sipafunika kubwerera ku kanema. Ulusi wa mita imodzi womangidwa pa msomali wa pakhomo, naiti imodzi ya njinga poyamba, kenako manaiti anayi omangidwa pamodzi, ndi wotchi ya pa foni yomweyo zimathetsa nkhani: maulendo 20 amatenga masekondi pafupifupi 40 ulendo woyamba, ndi pafupifupi 40 omwewo ulendo wachiwiri.