Kuchotsa mizere pa mitundu yakuda ya pa sikirini

Pa chithunzi cha thambo la usiku, kapena malo amdima m'filimu ndi m'magemu, mtundu umayenera kusintha pang'onopang'ono mosaoneka malire. Pa masikirini ambiri sizikhala choncho. Mdimawo umagawika m'mizere ikuluikulu, uliwonse ndi malire ake, ndipo nthawi zina mzere wina umaoneka wobiriwira pamene woyandikana nawo ukufiirira. Pulogalamu yoyendetsa khadi ya zithunzi, yomwe anthu amangoitcha dalaivala, ikhoza kuthetsa vutoli, koma pokhapokha ngati mitunduyo ikutayika pakati pa khadiyo ndi sikirini.

Kadontho kalikonse ka pa sikirini kamapangidwa ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo mphamvu ya mtundu uliwonse imalembedwa ngati nambala. Ndi mabiti 8, manambalawo amayambira pa 0 kulekeza pa 255, kutanthauza milingo 256. Mabiti 10 amapereka milingo 1,024, pamene mabiti 6 amapereka 64 yokha. Tiyerekeze chithunzi chotuwa chomwe chikuyambira pa mlingo 10 kumanzere n'kukathera pa 30 kumanja, pa sikirini ya timadontho 1,920 m'lifupi. Milingo ilipo 21 basi, choncho uliwonse umatenga timadontho pafupifupi 91, mzere woti diso silingauphonye. Chithunzi chomwecho chikapangidwa ndi mabiti 10 chimakhala ndi milingo 81, mzere uliwonse n'kuchepa kufika pa timadontho pafupifupi 24, ndipo kusiyana kwa mizere yoyandikana kumazilala. Mumdima ndi momwe vutoli limakulira chifukwa diso limaona kusintha poyerekeza ndi kuwala komwe kulipo kale. Pa sikirini ya gama 2.2, kuchoka pa 200 kupita pa 201 kumawonjezera kuwala ndi 1 peresenti, koma kuchoka pa 10 kupita pa 11 kumawonjezera ndi mopitirira 20 peresenti.

Munthu asanakhudze dalaivala ayenera kudziwa komwe mizereyo yabadwira. Mafilimu ambiri a pa intaneti ndi a mabiti 8, ndipo amafinyidwa kuti asadye bandulo yambiri. Pofinyapo, milingo ya mumdima ndi imene imayamba kutayidwa. Njira yosavuta yoyesera ndiyo kutsegula chithunzi chomwecho pa sikirini ina yabwino. Mizere ikaoneka pamalo omwewo, ndiye kuti ili mu fayilo, ndipo dalaivala sangabweze chomwe chinatayika kale. Pamenepo chothandiza ndi pulogalamu yoonetsera mafilimu yomwe imasalaza mizere, monga mpv ndi `--deband=yes`. Koma ngati pa sikirini inayo chithunzi chili chosalala, vuto lili m'njira ya kompyutayo.

Choyamba kuona ndi kuchuluka kwa mabiti omwe akutuluka. Pa Windows, tsamba la `Advanced display` limaonetsa `Bit depth` ndi `Color format`. Kwa amene ali ndi khadi ya NVIDIA, zosinthazo zili mu `NVIDIA Control Panel`, pa `Change resolution`. Akasankha `Use NVIDIA color settings`, amaika `Output color format` pa `RGB`, `Output dynamic range` pa `Full`, ndi `Output color depth` pa `10 bpc` ngati ilipo. Pa AMD zinthu zomwezi zimatchedwa `Color Depth` ndi `Pixel Format`. `Full` n'njofunika kwambiri pa monita ya kompyuta. Khadi ikaikidwa pa `Limited`, monga zimachitikira ikayesa monita ngati TV, imagwiritsa ntchito manambala 16 mpaka 235 okha, ndipo milingo 256 imapanikizidwa mu 220. Chizindikiro chake n'chakuti ngati monitayo ikuyembekezera `Full`, zakuda zimaoneka zotuwa ngati zasuluka.

Nthawi zambiri `10 bpc` sipezeka pa mndandanda ngakhale monita ili ya mabiti 10, ndipo wolakwa amakhala doko lolumikizira. Mwachitsanzo, monita ya timadontho 3,840 m'lifupi ndi 2,160 m'mwamba, yothamanga pa 60 Hz, ikalumikizidwa pa HDMI 2.0 imalandira `RGB` ya mabiti 8 yokha, chifukwa magigabiti 18 pa sekondi a dokolo sakwanira mabiti 10. Dalaivala angalole mabiti 10 ngati munthu asankha `YCbCr422`, koma kutero kumachepetsa tsatanetsatane wa mitundu, ndipo zilembo zing'onozing'ono zofiira kapena za buluu zimayamba kuoneka zosalongosoka m'mbali. Si malonda abwino kwa wolemba ndi kuwerenga pa kompyuta. Monita yomweyo ikalumikizidwa pa DisplayPort 1.2 imalandira `RGB` ya mabiti 10 pa 60 Hz popanda vuto. Ngati doko lina palibe, kutsitsa liwiro la sikirini kumasiya mpata wa mabiti owonjezerawo.

Kusankha `10 bpc` sikusandutsa chithunzi cha mabiti 8 kukhala cha mabiti 10. Phindu lake lalikulu limaoneka pamene khadi ikusintha mitundu isanaitumize. Kusuntha `Gamma`, `Brightness` kapena `Contrast` mu dalaivala, kuyatsa `Night light`, kapena kugwiritsa ntchito fayilo yokonzera mitundu ya monita, zonsezi zimachititsa khadi kuwerengetsanso mlingo uliwonse. Tinene kuti milingo 10, 11 ndi 12 yasanduka 11.6, 12.4 ndi 13.5. Potuluka ndi mabiti 8 palibe manambala oduka, ndiye imakhala 12, 12 ndi 14: iwiri yaphatikizana, ndipo 13 yadumphidwa. Mizere imakhala yosafanana kukula, ndipo popeza mitundu itatu ija sidumpha pamodzi, ndi pamene kubiriwira ndi kufiirira kuja kumatulukira. Ndi mabiti 10, pakati pa milingo iwiri yoyandikana pamakhala ina itatu, choncho 11.6 ndi 12.4 zimasiyanitsidwabe. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesa kaye kubwezera zonsezi mwakale, n'kusinthira kuwala pa mabatani a monita.

Sikirini ikakhala ya mabiti 8 basi, chotsalira ndi kuwaza timadontho, komwe pa sikirini kumalembedwa `Dithering`. Khadi ikafuna mlingo 10.25, pa timadontho tinayi toyandikana imaika titatu pa 10 ndi kamodzi pa 11, diso n'kusakaniza lokha, monga chitenje cha timadontho toyera ndi takuda chimaonekera chotuwa munthu akaima patali. Njira ina ndi yosinthanitsa m'nthawi: kadontho kamodzi kamaonetsa 10 katatu kenako 11 kamodzi, mofulumira kwambiri. Masikirini ambiri otsika mtengo amachita zimenezi okha mkati mwawo, moti a mabiti 6 amaoneka ngati a mabiti 8.

Pa Linux, `nvidia-settings` imapereka zosankhazi poyera pa tsamba la monita iliyonse: `Dithering` iikidwe pa `Enabled`, `Depth` ifanane ndi mabiti omwe monita ikulandira, `6 bpc` kapena `8 bpc`, ndipo `Mode` ikhoza kukhala `Static 2x2`, `Dynamic 2x2` kapena `Temporal`. Pa Windows, `NVIDIA Control Panel` ilibe batani limeneli, ndipo ofuna kulilamulira amadalira timapulogalamu tapadera monga novideo_srgb ndi ColorControl. Kuwazaku kuli ndi mtengo wake: `Static 2x2` imatha kusiya kamaonekedwe ka sefa pa malo osalala, pamene `Temporal` imatha kuoneka ngati mdima ukunyezimira pang'ono, ndipo anthu ena amadandaula kuti imawatopetsa maso. Zikatero, munthu ayese njira inayo pa chithunzi chomwecho chakuda, m'chipinda chosawala kwambiri, akusintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti adziwe chimene chathandiza.