Khadi Yosagwirika: Mmene Imatetezera Ndalama pa Intaneti

Munthu akafuna kugula nsapato pa intaneti, sitolo imangopempha nambala ya khadi, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu achinsinsi aja a CVV. Wakuba akapeza zitatuzi, angathe kugula ngati mwini wake. Vuto lagona pamenepo.

Khadi yosagwirika imapangidwa mu apu ya banki kapena ya kampani yosunga ndalama pafoni. Mwini akaunti akatsimikizira kuti ndi iyeyo, makina amatulutsa nambala yatsopano ya manambala 16. Oyambirira amasonyeza kampani yopereka khadiyo, ndipo makhadi a Visa amayamba ndi 4. Nambala yomaliza imawerengedwa ndi njira ya Luhn, yomwe imagwira zolakwika polemba. Khadiyo imalumikizidwa ku akaunti yeniyeni, koma sitolo siiona akauntiyo.

Tiyerekeze kuti mayi wina ku Britain akugula nsapato za mapaundi 40 ndi khadi yogwira kamodzi ya Revolut. Akangolipira, nambalayo imafa ndipo ina imalowa m'malo. Akuba akadzathyola makina a sitoloyo n'kuyesa nambala yakaleyo, malipiro amakanidwa. Makampani ena, monga Privacy.com ku America, amamangirira khadi ku sitolo imodzi ndi kulola mwini wake kuika malire a ndalama.

Chitetezochi chili ndi polekezera. Sitolo yabodza ilandirabe mapaundi 40 aja osatumiza katundu. Khadi yogwira kamodzi siyeneranso malipiro a mwezi ndi mwezi, chifukwa mwezi wachiwiri nambalayo imakhala itafa kale.