Mmene Mawu Amapikisirana: Chiphunzitso cha Prince ndi Smolensky

Mu 1993 akatswiri awiri a ku America, Alan Prince ndi Paul Smolensky, analemba buku lotchedwa Optimality Theory lofotokoza mmene zinenero zimasankhira katchulidwe ka mawu. Bukuli linayenda m'manja mwa ofufuza kwa zaka zambiri lisanasindikizidwe mu 2004. Kale, motsatira Noam Chomsky ndi Morris Halle, akatswiri ankati mawu amadutsa m'malamulo otsatizana, lina kusintha zimene lasiya linzake. Awiriwa anabwera ndi maganizo ena. Iwo anati pa mawu alionse pamakhala matchulidwe angapo opikisana, ndipo chinenero chimatenga amene aphwanya zoletsa zake mochepa kuposa anzake.

Zoletsazi zili m'magulu awiri amene sagwirizana. Gulu loyamba limafuna kuti mawu akhale osavuta kutchula. Lachiwiri limafuna kuti mawu atuluke monga analowera, osachotsapo kanthu, osawonjezerapo kanthu. Kusangalatsa magulu onse awiri nthawi imodzi n'kosatheka, choncho wopambana naye amakhala ndi mlandu. Chimene chimagamula ndi msanjo, kutanthauza kuti choletsa chiti chili pamwamba pa chinzake.

Mawu obwereka amaonetsa bwino zimenezi. Mawu a Chingerezi akuti book amathera pa lembo lopanda liwu, k, pamene m'Chichewa phatikizo limathera pa lembo la liwu. Apa pali zoletsa zitatu, zimene m'mabuku zimalembedwa mwachidule. NOCODA imaletsa phatikizo kuthera pa lembo lopanda liwu. MAX imaletsa kuchotsa lembo limene linalipo. DEP imaletsa kuwonjezera lembo limene panalibe. Opikisana nawonso ndi atatu: buk, bu ndi buku. Amaikidwa patebulo motere, zoletsa zazikulu kumanzere:

```
/buk/      NOCODA   MAX   DEP
   buk       *!
   bu                *!
☞  buku                    *
```

Nyenyezi ikusonyeza kuphwanya, chizindikiro cha mfuu chikusonyeza pamene wopikisana wagwera, ndipo kadzanja kakuloza wopambana. Buk wagwa pa NOCODA. Bu wapulumuka pamenepo koma wataya k, ndiye wagwa pa MAX. Buku wawonjezera u, motero waphwanya DEP, koma pofika pa choletsa chimenechi anzake onse atuluka kale mumpikisano, ndipo mlandu wake ulibenso ntchito.

Msanjowu sungopekedwa. Umadziwika poyerekezera zimene anthu amanenadi ndi zimene sanena. Popeza Achewa amati buku osati buk, NOCODA iyenera kukhala pamwamba pa DEP. Popeza sanena bu, MAX nayo ili pamwamba pa DEP. Koma pakati pa NOCODA ndi MAX mawu amenewa sakuulula wamkulu, chifukwa wopambana sanaphwanye chilichonse mwa ziwirizi. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa, kusanja zoletsa zimene umboni sunazisanje.

Mfundo yovuta kuivomereza poyamba ndi yakuti nyenyezi siziwonkhetsedwa ngati malikisi a mayeso. Mawu akuti school, amene amatchulidwa skul, afuna choletsa chachinayi, *COMPLEX, chokana kuti malembo opanda liwu monga s ndi k aunjikane koyambirira kwa phatikizo. Sukulu waphwanya DEP kawiri, sukul kamodzi kokha, pamene skul sanaiphwanye n'komwe. Komabe wopambana ndi sukulu. Sukul wathera pa l, skul ali ndi milandu iwiri yapamwamba, ndipo mlandu umodzi wapamwamba umalemera kuposa milandu yapansi, ichuluke bwanji. Zili ngati kubwalo kwa mfumu: mawu a mfumu sagonja chifukwa choti anyakwawa otsutsa achuluka.

Zoletsa zomwezi zikasanjidwa mwina, pamatuluka chinenero china. Chingerezi chimaika MAX ndi DEP pamwamba pa NOCODA, n'chifukwa chake buk amapambana kumeneko. DEP ndi NOCODA zikakhala pamwamba pa MAX, wopambana ndi bu, ndipo umu ndi mmene ana ambiri ophunzira kulankhula Chingerezi amachitira, kumeza lembo lomaliza. Pamenepa ndiye pagona chiphunzitsochi: chimati zinenero zonse zili ndi zoletsa zofanana, kusiyana kwake ndi msanjo basi. Si akatswiri onse amene amavomereza zimenezi.

Tebulo la pamwambali lilinso ndi malire ake. Likufotokoza chifukwa chimene lembo la liwu lawonjezedwera, koma silikunena kuti likhale liti. Buki akanalowa nawo mumpikisano, akanalingana mphamvu ndi buku. Opikisana awiri akalingana chonchi, kapena tebulo likasankha mawu amene palibe amawanena, ndiye kuti pali choletsa chimene chasowa kapena msanjo walakwika. Pa sukulu pawonjezedwa u pambuyo pa s, koma pa sitolo, kuchokera ku store, pawonjezedwa i. Kuti kusiyana kumeneku kufotokozedwe pafunika zoletsa zina zoyang'ana malembo oyandikana, ndipo nazo zimafuna umboni wake wa msanjo.