Chidyerano cha kumpingo: mbale imodzi pabanja, koma ya chiyani?

Chilengezo chimamveka chokoma mlembi akamachiwerenga m'tchalitchi: Lamulungu likudzali tikaweruka tidzadyera limodzi, banja lililonse libwere ndi mbale imodzi ya chomwe lingathe. Tsikulo likafika, mabakuli akavundukulidwa, mumapeza mpunga wochuluka, kabichi wa mabanja anayi, ndi kapoto kamodzi ka nkhuku komwe kamatha mzere usanafike pakati. Palibe amene wachita umbombo. Banja lililonse laganiza palokha, ndipo onse aganiza zofanana: chosavuta kuphika, chosavuta kunyamula, chosaboola m'thumba.

Kudyera limodzi si chinthu chachilendo kwathu kuno. Kumudzi kunali chidyerano, pomwe nyumba zoyandikana zinkatulutsa nsima ndi ndiwo zawo n'kudyera pabwalo, abambo paokha, amayi ndi ana paokhanso. Kumeneko ndiwo zinkasiyana zokha, chifukwa amayi ankaonana pamtondo ndi kuchitsime, ndipo aliyense ankadziwa chomwe chili pamoto kwa mnzake. Akhristu a mphakati umodzi m'tauni, wina wa ku Ndirande wina wa ku Chirimba, saonerana m'miphika. Ntchito yomwe inkachitika yokha pamtondo tsopano iyenera kugwiridwa ndi munthu mmodzi wokhala ndi kope ndi cholembera, ndipo ayenera kuyamba kutatsala masabata awiri.

Poyambira pake ndi kuwerenga pakamwa, osati mabanja. Tiyerekeze mphakati wa mabanja 12. Mukawerenga ana, adzukulu ndi alendo awiri atatu omwe sasowa, mupeza anthu pafupifupi 60. Nambala imeneyi ndiyo imalamula kukula kwa mbale iliyonse. Mayi yemwe wauzidwa kuti abwere ndi nyemba amaphika monga amachitira kunyumba, za anthu asanu. Koma ngati mabanja ophika nyemba ali awiri okha, poto wake ayenera kukwanira anthu 30. Choncho kuuza munthu kuti "mudzabwere ndi nyemba" n'kosakwanira. Muuzeni kuti makilogalamu awiri a nyemba zouma.

Pogawa mbalezo palibe chifukwa chopekera njira yatsopano. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ya ana ndi okwanira: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Pa mabanja 12 aja, atatu atenge zokhutitsa. Awiri mwa iwo abwere ndi ufa makilogalamu anayi aliyense, wina woyera wina mgaiwa, poganizira odwala shuga omwe achipatala adawalangiza mgaiwa. Lachitatu liphike mpunga makilogalamu atatu, womwe ungakwanire anthu 25 kapena 30 ngati wogawa ali ndi dzanja labwino. Mabanja awiri atenge nyemba ndi nandolo. Awiri ena atenge masamba, lina nkhwani wotendera, lina mpiru wokazingira, ndipo pamenepo gulu la zamafuta lalowa kale kudzera mu nsinjiro ndi mafuta ophikira. Banja limodzi libweretse nthochi zokwana aliyense imodzi, linanso ndowa ya thobwa ya malita 20.

Atsala mabanja atatu ndi gulu lovuta, la zochokera ku nyama. Nkhuku yachikuda mukaidula mosamala imapereka nthuli 10 kapena 12. Kuti anthu 60 alandire nthuli imodzi aliyense pafunika nkhuku zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo palibe chilungamo kusenzetsa katundu wotere mabanja atatu pomwe ena akuthyola nkhwani kuseri kwa nyumba. Njira yomwe ndimaiona yabwino ndi kusakaniza: banja limodzi nkhuku ziwiri, lina thireyi ya mazira 30 owiritsa ndi kuthira mu supu ya tomato, lina usipa kapena matemba. Lamulo likhale lomveka kuyambira pachiyambi kuti aliyense alandira chimodzi mwa zitatuzi. Ulendo wotsatira, omwe adagula nkhuku adzapatsidwe masamba. Kope lija lisungidwe chifukwa cha zimenezi.

Apa mpofunika nzeru za munthu wodziwa anthu ake. Mndandanda usawerengedwe kutsogolo ngati zotsatira za mayeso. Wokonza apite kwa banja lililonse kapena aliimbire, afunse chomwe lili nacho. Gogo wolera ana amasiye akhoza kukhala ndi dimba la mpiru wabwino kuposa wa pamsika, ndipo mbale yake ikhala yaulemu ngati ya wina aliyense. Mnyamata wokhala yekha pa lendi, yemwe alibe poto wamkulu, mpatseni zipatso kapena makala. Nyengo nayo imasintha mtengo wa mbale. Mu Januwale ndi Febuluwale ufa ndiwo umakwera mtengo, kotero usapatsidwe kwa banja losauka poganiza kuti ndi chinthu wamba, pomwe nkhwani ndi bonongwe zimakhala ponseponse. Mu Disembala mango amathetsa nkhani ya zipatso, ndipo m'miyezi yozizira manachesi a ku Mwanza amadzaza misika. Ngati mwaitana abale a mpingo wa Seventh-day Adventist kapena anansi achisilamu, nkhumba isapezeke patebulo, ndipo a Adventist sadyanso mlamba.

Nsima iphikidwe pamalo pomwepo. Yophika 6 koloko m'mawa imafika masana itazizira ndi kuuma pamwamba, ndipo anthu amaisiya n'kuthamangira mpunga, womwe umatha msanga. N'chifukwa chake mabanja a nsima amabwera ndi ufa, nkhuni ndi mphika waukulu, amayi awiri kapena atatu n'kuyamba kufunditsa madzi mapemphero akulowera kumapeto.

Nthawi yomweyi ndiyo imaononga zakudya zina. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale chongoikidwa kupitirira maola awiri, koma chidyerano chambiri chimadyedwa patapita maola asanu kapena kuposerapo chiphikireni. Kukatentha mu Okutobala, zoyamba kusasa ndi nyemba ndi ndiwo zotendera: zimachita thovu pamwamba ndi kafungo kowawasa. Mpunga ndi woopsa mwa njira ina, chifukwa ukhoza kudwalitsa usanasinthe fungo, ndipo kuutenthetsa sikuchotsa poizoni wa tizilombo tomwe tachulukana m'menemo. Choncho pakhale mbaula ziwiri. Mapoto a ndiwo akangofika aikidwe pamoto wochepa, ndipo asanagawidwe abwate ndithu. Mpunga uphikidwe mochedwerapo, kapena nawonso uphikidwe pamalopo. Posamba m'manja, tisiye beseni limodzi loviikamo onse. Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ndowa ya mpopi ndi sopo n'zotsika mtengo kuposa nkhuku imodzi.

Ngakhale tebulo litakwanira bwino, likhoza kusokonekera pogawa. Mtumwi Paulo adadzudzula mpingo wa ku Korinto chifukwa ena ankayamba kudya osadikira anzawo, mpaka ena kutsala ndi njala. Kwathu kuno otsala ndi njala amakhala ana ndi amayi omwe aphika. Poto aliyense akhale ndi womugawa, wodziwa kuti anthu alipo 60 ndipo wayerekeza kale kukula kwa chipande chake. Mbale za ophika ndi ogawa zipatulidwe mzere usanayambe. Ana ndi okalamba alandire koyamba, ndipo nthuli za nkhuku ziyambire kwa iwo, akuluakulu a mpingo adikire pang'ono.

Anthu asanabalalike, wokonza uja azungulire mapoto ndi kope lake n'kulemba chomwe chatsala ndi chomwe chinatha msanga. Ngati nandolo watsala theka, ulendo wina aphike kilogalamu imodzi. Zotsala zipite ku mabanja omwe ali ndi odwala kapena ana ambiri, akazitenthetse mpaka kubwata ndi kuzidya tsiku lomwelo. Mpunga womwe wakhala pambalambanda chiyambire m'mawa utayidwe.