Mtima Ukadzaza Kwambiri, Umapopanso Kwambiri

Mayi akamakwera chitunda cha kwathu kuno ku Dedza atasenza dengu la mbatata ya kachewere, minofu ya m'miyendo imafinya mitsempha n'kukankhira magazi ochuluka kubwerera ku mtima. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mtimawo sudikira kuuzidwa. Magazi akalowa ambiri, makoma ake amatamuka, ndipo mnofu wotamukawo umafinya mwamphamvu, monga momwe mphira wa legeni umaponyera mwala kutali ukaukoka kwambiri. Ili ndi lamulo la Starling, lotchulidwa dzina la Ernest Starling wa ku London amene analionetsa pa mitima ya agalu mu 1914.

Tiwerengere. Munthu akakhala phee, chipinda chakumanzere chamunsi cha mtima chimadzaza mamililita pafupifupi 120 pa kugunda kulikonse, n'kutulutsa 70, kutsala 50. Tiyerekeze kuti pachitunda paja chadzaza 140. Chimatulutsa cha m'ma 90, osati 70 yomweyo. Motero mbali ziwiri za mtima zimayenderana: kumanja kukatumiza ochuluka kudzera m'mapapo, kumanzere kumawalandira n'kuwatulutsa onse.

Koma mtima wofooka, mwina chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, umadzaza osawonjezera mphamvu mokwanira. Magazi amaunjikana m'mbuyo, madzi n'kulowa m'mapapo ndi m'mapazi. Munthu amachita befu pachitunda chimene ankakwera bwinobwino, amabanika akagona chagada, mapazi amatupa madzulo. Mukaona zimenezi musanamizire kuzizira kwa Juni kapena ukalamba. Pitani kuchipatala akakupimeni mtima.