Manambala Ochepa Oyenera Kufika kwa Mkulu wa Kampani

Dashibodi ya mkulu wa kampani ndi tsamba limodzi la pakompyuta kapena pafoni limene limaonetsa manambala ochepa osonyeza mmene bizinesi ikuyendera. Manambalawo amachokera mu ERP, pulogalamu yaikulu imene kampani imalembamo zochitika zake zonse: maoda a makasitomala, mainvoisi, katundu wolowa ndi wotuluka, malipiro a antchito ndi ndalama za kubanki. Mapulogalamu odziwika a mtunduwu ndi monga SAP, Oracle, Sage, Microsoft Dynamics ndi Odoo. Iliyonse ya pulogalamuzi imatha kutulutsa malipoti osawerengeka, ndipo vuto limayambira pomwepo. Bwana wamkulu safuna malipoti onsewo. Iye amafuna kudziwa, mʼmphindi zochepa mmawa, ngati pali chimene chikufunika dzanja lake lero.

Ntchito yopanga dashibodi imayambira pa mpando wa bwanayo, kompyuta imabwera pambuyo. Wopanga amakhala naye pansi ndi kumufunsa za zinthu zimene iye yekha ndiye amagamula: kukweza mitengo, kuleka kupatsa kasitomala katundu pangongole, kuoda katundu wochokera kunja, kupita kubanki kukabwereka ndalama. Nambala iliyonse imene ikufuna malo pa tsambalo imayesedwa ndi funso limodzi: ikaipa, bwana achitapo chiyani? Ngati yankho palibe, nambalayo siyake. Chiwerengero cha mainvoisi amene asindikizidwa pa sabata ndi chothandiza kwa mkulu wa ofesi ya akaunti, koma kwa bwana wamkulu chimangodzaza malo.

Maganizo oti miyeso ikhale yochepa si achilendo. Mu 1992 Robert Kaplan ndi David Norton analemba mʼmagazini ya Harvard Business Review kuti akuluakulu a makampani aziyangʼana miyeso yochepa yosankhidwa bwino, yokhudza ndalama, makasitomala, kayendedwe ka ntchito ndi kukula kwa luso, osati phindu lokha. Kwa kampani yapakatikati, manambala 6 kapena 8 amakwanira. Akapitirira pamenepo maso amangoyendayenda, ndipo nambala imene yaipa imabisala pakati pa zinzake.

Chitsanzo chothandiza ndi kampani yongoyerekeza imene imagulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira kumagolosale ndi mʼmasitolo akuluakulu, ambiri mwa iwo pangongole ya masiku 30. Mkulu wa kampani yotere angasankhe miyeso 6. Pa malonda aziona zimene zagulitsidwa mwezi uno poyerekeza ndi bajeti, komanso phindu lotsala pa kwacha iliyonse akachotsa mtengo wooda katunduyo. Pa ndalama aziona zimene zili kubanki pamodzi ndi zoyenera kulipidwa mʼmasabata akubwerawa, ndi masiku amene makasitomala akutenga kuti abweze ngongole. Pa katundu aziona masiku amene sitoko imene ilipo ingathe kufikira, ndi gawo la maoda amene afika kwa kasitomala pa nthawi yake ali okwanira. Miyeso ina ikunena za zimene zachitika kale, monga phindu. Ina, monga maoda ochedwa, imachenjeza za zimene zikubwera, pakuti kasitomala wolandira katundu mochedwa mwezi uno ndi amene amasamukira kwina mwezi wa mawa.

Ku Malawi nambala ya malonda imafuna mnzake pambali. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu inakwera, ndipo kampani inkatha kuonetsa malonda okwera mʼmakwacha pamene makatoni otuluka akuchepa. Nʼchifukwa chake pafupi ndi makwacha payenera kukhala chiwerengero cha makatoni kapena malita.

Kusankha miyeso kumatheka tsiku limodzi. Chimene chimadya nthawi ndi kugwirizana tanthauzo la muyeso uliwonse. Mawu oti "malonda" okha amagawa anthu. Mkulu wa zamalonda amawerenga maoda amene alandiridwa, wa mosungira katundu amawerenga zimene zakwera galimoto, pamene akauntanti amawerenga mainvoisi atachotsa msonkho wa VAT ndi katundu wobwezedwa. Onse atatu akutenga manambala awo mu ERP yomweyo, ndipo palibe amene akunama. Mu SAP, mwachitsanzo, maoda amasungidwa mu tebulo la `VBAK` pamene mainvoisi ali mu `VBRK`, ndipo wolumikiza dashibodi ku tebulo lolakwika amapeza nambala yooneka bwino koma yosagwirizana ndi mabuku. Choncho muyeso uliwonse umalembedwa papepala: dzina lake, kawerengedwe kake, kumene ukutengedwa, zimene zachotsedwamo, mlingo umene kampani ikufuna, ndi munthu mmodzi woyankha za muyesowo. Pepalalo amalivomereza mkulu wa zachuma ntchito yojambula isanayambe.

Muyeso wa ngongole za makasitomala ukuonetsa bwino mmene nambala imasocherera. Pa malipoti umadziwika ndi dzina loti DSO, ndipo kawerengedwe kake ndi aka:

```
DSO = ngongole zotsala / malonda a pangongole x masiku
```

Kampani ya mʼchitsanzoyi yagulitsa pangongole katundu wa K900 miliyoni mʼmasiku 90, kutanthauza K10 miliyoni pa tsiku. ERP ikuonetsa kuti makasitomala ali ndi ngongole ya K520 miliyoni. Kugawa 520 ndi 900, nʼkuchulukitsa ndi 90, kukupereka masiku 52. Poti pangano ndi la masiku 30, bwana ataona 52 akhoza kuitanitsa msonkhano nthawi yomweyo, mwinanso kulamula kuti ngongole zonse ziime.

Koma nambalayo ili ndi zolakwika ziwiri zimene zimapezeka kawirikawiri. Choyamba chili mʼbuku la banki. Makasitomala ena analipira kale kudzera kubanki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba osalemba nambala ya invoisi, ndipo ofesi ya akaunti, posadziwa mwini ndalamazo, inaziika mu akaunti yodikirira. Ngati ndalama zotere zili K50 miliyoni, ngongole yeniyeni ndi K470 miliyoni. Cholakwika chachiwiri ndi cha msonkho. Ngongole ya kasitomala imalembedwa pamodzi ndi VAT, chifukwa ndi ndalama zonse zimene ayenera kulipira, pamene malonda amalembedwa opanda VAT. Kugawa ziwirizi mmene zilili ndi kufananitsa zinthu zosiyana. Pongoyerekeza kuti msonkhowo ndi 16.5 peresenti pa katundu yense, K470 miliyoni ija imatsika kufika pafupifupi K403 miliyoni, ndipo masiku amakhala 40.

Vuto likadalipo, koma lachepa ndipo tsopano likuoneka msinkhu wake weniweni. Masiku 10 opitirira pangano, pa K10 miliyoni tsiku lililonse, ndi K100 miliyoni za kampani zimene zili mʼmanja mwa anthu ena, mwina pamene kampaniyo ikulipira chiwongoladzanja kubanki. Funso lotsatira ndi loti ndalamazo zili kwa yani. Nambala ya 40 ndi avereji, ndipo avereji imabisa zambiri. Nʼkutheka kuti magolosale angʼonoangʼono onse akulipira bwino, koma masitolo aakulu awiri afika masiku 90. Dashibodi yabwino imalola bwana kudina nambalayo ndi kuona makasitomala 10 amene ali ndi ngongole zazikulu zopitirira nthawi. Akatero saimitsa ngongole kwa aliyense, amangoimbira foni anthu awiri. Kudina kumodzi kapena kuwiri nʼkokwanira. Bwana akafika poona invoisi imodziimodzi ndiye kuti walowa ntchito ya kalaliki.

Manambala akagwirizanidwa, amatengedwa mu ERP kupita ku pulogalamu yojambulira monga Power BI, Tableau kapena Excel yomwe. Nthawi zambiri amakoperedwa usiku kupita pamalo ena osungira, kuti mafunso a dashibodi asachedwetse anthu amene akudula mainvoisi masana. Ndalama za kubanki ndi malonda zimayenera kusintha tsiku lililonse. Phindu limadalirika mwezi ukatsekedwa, chifukwa ndalama zonyamulira katundu ndi za msonkho wa pachipata zimalowa mʼmabuku mochedwa, ndipo phindu la pakati pa mwezi limaoneka lonona kuposa mmene lilili. Pamwamba pa tsambalo pazilembedwa tsiku ndi ola limene manambala anatengedwa. Magetsi kapena intaneti zikavuta usiku, kukopera kumalephera mwakachetechete, ndipo popanda olalo bwana amagamula nkhani ndi manambala a dzana.

Tsambalo lisanaperekedwe, nambala iliyonse ya ndalama imafananitsidwa ndi mabuku a mwezi umene unatsekedwa kale. Malonda a pa dashibodi akasiyana ndi a akauntanti, chifukwa chake chipezeke kaye. Kawirikawiri chimakhala mainvoisi ofufutidwa amene akuwerengedwabe, kasitomala wolembedwa kawiri ndi mayina osiyana pangʼono, kapena katundu amene nthambi ina imalemba mʼmakatoni pamene ina imalemba mʼmabotolo. Sitoko yoonetsa nambala yochepera ziro ndi chizindikiro chakuti katundu akugulitsidwa asanalembedwe kuti walandiridwa. Zolakwika zotere zimakonzedwera mu ERP momwemo. Kuzikonzera pa dashibodi kumangobisa matenda, ndipo mwezi wotsatira zimabweranso.

Za maonekedwe nʼzosavuta. Nambala iliyonse ikhale ndi mlingo wake pambali ndi kamzere koonetsa miyezi 12 kapena 13 yapitayo, kuti Disembala afananitsidwe ndi Disembala mnzake, osati ndi Febuluwale wa njala. Mtundu wofiira usungidwire zimene zadutsa malire ogwirizanidwa basi. Tsamba lodzaza ndi zithunzi zozungulira ndi mitundu yambirimbiri limakongola pa tsiku lokhazikitsa, koma silithandiza munthu wofulumira.

Pali ngozi ina imene imabwera dashibodi ikayamba kugwira ntchito. Katswiri wa zachuma wa ku Britain Charles Goodhart anaona mu 1975 kuti muyeso ukangosandutsidwa chida cholamulira, umaleka kunena zoona. Ogulitsa akadziwa kuti bwana amayangʼana malonda a pa mwezi, ena amadula mainvoisi ambiri pa tsiku lomaliza, katunduyo nʼkudzabwezedwa sabata yotsatira. Chizindikiro chake ndi malonda otumphuka kumapeto kwa mwezi uliwonse ndi katundu wobwezedwa wochuluka kumayambiriro kwa wotsatira. Mankhwala ake ndi kuika miyeso yokokana: malonda pambali pa phindu ndi ngongole, kuchepa kwa sitoko pambali pa maoda ofika okwanira. Wokankha umodzi mwachinyengo amaonekera pa unzake.

Pakapita miyezi ingapo, madipatimenti amayamba kupempha kuti manambala awo aonjezedwe pa tsamba la bwana. Lamulo lothandiza ndi loti nambala yatsopano ikalowa, ina ituluke. Miyezi itatu iliyonse bwana ndi mkulu wa zachuma aziunika tsambalo, ndipo muyeso umene sunachititse chigamulo chilichonse mʼnthawi yonseyo ubwezedwe ku lipoti la dipatimenti yake.